Mafunso ndi mayankho: imelo ya manijala yopempha uphungu pa wantchito amene akujombajomba popanda chifukwa chodziwika

Mafunso ali m'munsimu ndi amene mamanijala ndi akapitawo a m'makampani a mu Blantyre amafunsa kawirikawiri akafuna kulembera ofesi yoona za antchito pa nkhani ya munthu amene akujomba mobwerezabwereza osanena chifukwa. Mayankho ake atsamira pa Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, ndipo atsata chitsanzo chimodzi kuyambira pa imelo yoyamba mpaka pa chigamulo. Chitsanzocho ndi cha bambo wina wopakira katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Makata, amene wagwira ntchito pakampanipo zaka 7, amagwira masiku 6 pa sabata ndipo amalandira K260,000 pa mwezi.

Kodi ndilembe imeloyi wantchito akajomba kangati?

Tsiku limodzi lojomba silifuna imelo yopita ku ofesi yoona za antchito, chifukwa nkhani yotere manijala amaithetsa yekha pomufunsa munthuyo m'mawa wa tsiku limene wabwerera. Nthawi yolemba imakwana pamene kujombako kwabwerezedwa, manijala wafunsapo kale, koma yankho lomveka silinapezeke. M'chitsanzo chathu bamboyo anajomba masiku 5 pakati pa 2 Juni ndi 14 Julayi, ndipo manijala akanachita bwino kulemba litangodutsa tsiku lachitatu la kujombako m'malo modikira kuti masikuwo akwane asanu.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Manijala amene wakhala akuona munthu akujomba kwa miyezi isanu ndi umodzi osanenapo kanthu, kenako n'kudzalemba imelo yaukali tsiku limene galimoto ya kasitomala yachoka yosadzaza, amapatsa wantchitoyo poyambira kunena kuti kujombako kunali kololedwa, popeza palibe amene anam'dzudzula. Komanso nthawi ikapita anthu amaiwala kuti ndani anauzidwa chiyani ndi liti, mameseji a pafoni amafufutika, ndipo mlonda amene analemba buku la pageti mwezi umenewo mwina anasiya kale ntchito.

Mu imeloyo mukhale zinthu ziti?

Mukhale zimene zinachitika, zimene manijala wachitapo kale, ndi mafunso amene akufuna kuti ayankhidwe. Wa ku ofesi yoona za antchito sakhala m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo sangapereke uphungu wothandiza pa mawu akuti "munthuyu wanyanya kujomba". Akufuna masiku enieni, umboni wa masikuwo, ndi mawu amene wantchitoyo anayankha atafunsidwa. Imelo ya m'chitsanzo chathu inalembedwa motere:

Mutu: Kupempha uphungu pa kujomba kwa wantchito wa m'gawo lopakira katundu

Mayi woyang'anira za antchito,

Ndikupempha uphungu wanu pa nkhani ya mmodzi mwa opakira katundu a m'gawo langa, amene dzina ndi nambala yake ya ntchito zili pa chikalata chimene ndaphatikiza. Malinga ndi buku losaina pageti, bambowa sanabwere kuntchito Lolemba pa 2 Juni, Lolemba pa 16 Juni, Lachiwiri pa 17 Juni, Lolemba pa 30 Juni ndiponso Lolemba pa 14 Julayi. Pa masiku onsewa palibe fomu ya tchuthi kapena kalata ya kuchipatala imene yafika kwa ine. Pa 18 Juni ndinawafunsa tili awiri mu ofesi yanga, ndipo anayankha kuti kunyumba kuli mavuto, koma sanafotokoze zambiri. Pa 1 Julayi ndinawakumbutsa pakamwa kuti azindiimbira foni nthawi ya 7 koloko isanakwane ngati sabwera. Pa 14 Julayi ndinawaimbira kawiri koma foni sinayankhidwe. Pa masiku awiri mwa amenewa tinachedwa kupakira galimoto yopita ku Lilongwe, ndipo anzawo atatu anagwira ovataimu. Kwa zaka ziwiri zimene ndayang'anira gawoli sindinawapatsepo chenjezo lililonse. Ndikufuna kudziwa zinthu zitatu: ngati ndikambirane nawonso ndekha kapena pakhale wina wa ku ofesi yanu, chimene tichite pa malipiro a masiku asanuwa, ndiponso ngati m'failo mwawo muli zina zimene ndiyenera kudziwa tisanakumane. Sindinapange chiganizo chilichonse pa nkhaniyi.

Ine wanu,
Manijala wa nyumba yosungiramo katundu

Taonani kuti imeloyi yatchula dzina la tsiku lililonse pamodzi ndi deti lake. Zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa woiwerenga amaona msanga kuti masiku anayi mwa asanuwo ndi Lolemba, ndipo Lolembalo likubwera pakapita sabata ziwiri zilizonse. Munthu amene amajomba chifukwa cha ulesi chabe kawirikawiri sasunga ndondomeko yotere. Manijala watchulanso kuti mbiri ya bamboyo inali yabwino, ndipo ichi si chifundo chabe koma mfundo imene imalemera posankha chilango choyenera.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Bwanji osalemba kuti amamwa mowa kapena ali ndi ganyu kwina?

Chifukwa chimene mukuganiza si chimene mukudziwa, ndipo imelo imakhalitsa kuposa mkwiyo umene munailembera. Kujomba Lolemba kumachititsa mamanijala ambiri kuganiza za matsire, ndipo kujomba kumapeto a mwezi kumawachititsa kuganiza za bala kapena za kuthawa wakatapila amene akudikira pageti. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma Lolemba ndi tsikunso limene anthu ambiri amafola kuchipatala ndi wodwala amene wavutika Loweruka ndi Lamlungu, ndipo masiku a pakati pa mwezi ndi amene munthu wokhala ku Lunzu kapena ku Machinjiri ndalama ya minibasi imam'thera. Buku losaina pageti silisiyanitsa zonsezi.

Nkhani ikafika ku ofesi ya leba kapena ku khothi loona milandu ya zantchito, makalata amene kampani inalemberana pa nkhaniyo akhoza kuwerengedwa ngati umboni. Imelo imene manijala analemba kuti "ndatopa naye chidakwa ameneyu, ndithandizeni kum'chotsa" imasonyeza kuti chigamulo chinapangidwa wantchito asanamvedwe, ndipo kumva mbali yake kumene kunachitika pambuyo pake kumaoneka ngati kungokwaniritsa mwambo. Ngati pali chinthu chimene munaona ndi maso anu, monga kuti munthuyo anafika Lachiwiri akununkha mowa, lembani chimenecho pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi amene analipo. Zimene munamva kwa anzake pa nthawi ya nkhomaliro zisiyeni kunja.

Za matenda n'zofunika kusamala nazo koposa. Manijala asalembe kuti akuganiza kuti wantchito ali ndi kachilombo ka HIV, kuti ali ndi pakati kapena kuti mutu wake sukuyenda bwino. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kusala munthu kapena kuulula za momwe magazi ake alili popanda chilolezo chake.

Koma lamulo limalola kuchotsa munthu wojomba popanda notisi. Nanga uphunguwu ndi wa chiyani?

Ndi zoona kuti gawo 59 la Lamulo la Ntchito limatchula kujomba pakati pa zifukwa zimene olemba ntchito angachotsere munthu popanda notisi. Koma gawolo limanena za kujomba kumene kuli ndi zinthu ziwiri pamodzi: kopanda chilolezo cha olemba ntchito, ndiponso kopanda chifukwa chomveka. Manijala amadziwa chinthu choyambacho, chifukwa iye ndiye amapereka chilolezo. Chachiwiricho sangachidziwe mpaka atamva kwa mwini wake. Kujomba kumene chifukwa chake sichinanenedwe n'kosiyana ndi kujomba kumene kulibe chifukwa, ndipo milandu yambiri imene makampani amagonja imagona pa kusiyana kumeneku.

Gawo 57 limawonjezera kuti munthu sangachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akunenezedwa, pokhapokha ngati sizikanatheka kuti olemba ntchito apereke mwayiwo. Gawo 61 limaika udindo wopereka umboni pa olemba ntchito: ndi kampani imene iyenera kusonyeza chifukwa chochotsera munthu, ndipo iyeneranso kusonyeza kuti inachita mwachilungamo poganizira zonse zokhudza nkhaniyo. Choncho ngakhale wantchito atajombadi popanda chifukwa, kampani ikhoza kupezeka yolakwa ngati inam'chotsa osamumva, kapena ngati inam'chotsa pa cholakwa chimene anzake anangopatsidwa nacho chenjezo. Uphungu wa ofesi yoona za antchito umathandiza manijala kudutsa m'njira imeneyi popanda kudumpha sitepe.

Kukambirana ndi wantchito kuchitike bwanji?

Kuchitike m'chipinda chotseka, osati pamalo opakirira katundu pamene anzake akumvetsera, ndipo kuchitike m'chilankhulo chimene munthuyo amamasuka nacho. Manijala ayike pathebulo pepala la masiku ojombawo, amuonetse, kenako afunse tsiku ndi tsiku, kuyambira loyamba. Funso lakuti "n'chifukwa chiyani mumajomba?" limabweretsa yankho lakuti "mavuto, bwana", pamene funso lakuti "pa 16 Juni munali kuti, ndipo munauza ndani?" limabweretsa nkhani imene ingatsimikizidwe. Akatha kufunsa, manijala akhale chete ndi kulola munthuyo kuyankha, chifukwa anthu ambiri kwathu kuno sayamba ndi nkhani yeniyeni akamalankhula ndi bwana, makamaka ikakhala ya matenda, ya ngongole kapena ya m'banja.

Manijala anenenso poyera kuti kukumanaku si mlandu, koma kufuna kudziwa zimene zikuchitika, ndipo kuti zimene wantchito anene zikafika ku ofesi yoona za antchito basi. Pomaliza alembe mwachidule zimene zakambidwa, amuwerengere, ndipo onse awiri asaine. Wantchito akakana kusaina, manijala alembe kuti wakana, popanda kum'kakamiza.

Pali nthawi imene manijala sayenera kukhala wofunsa. Ngati pali chizindikiro chakuti munthuyo akuthawa manijala mwini wakeyo kapena kapitawo wake, kukambiranako achite ndi wa ku ofesi yoona za antchito. Mayi amene amajomba pa masiku okhawo amene waikidwa pa shifiti imodzi ndi mwamuna wina wake mwina akuthawa nkhanza zokhudza kugonana, zimene Lamulo la Kusasiyana pakati pa Amuna ndi Akazi la chaka cha 2013 limaletsa, ndipo sangaziulule kwa munthu amene amadya naye nsima mwamunayo.

Nanga m'chitsanzo cha ku Makata chinapezeka n'chiyani?

Atafunsidwa tsiku ndi tsiku, bamboyo anafotokoza kuti mayi ake okalamba anabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo ndipo akukhala nawo ku Bangwe, kuti amayenera kukaonedwa ku chipatala cha Gulupu Lolemba pakapita sabata ziwiri zilizonse, ndipo palibe wina wowaperekeza chifukwa akazi ake ali ndi mwana wakhanda. Pa 16 Juni mayiwo anagonekedwa usiku umodzi, n'chifukwa chake anajombanso pa 17. Anatulutsa buku la kuchipatala la mayi ake, ndipo madeti a m'bukumo anafanana ndi masiku anayi oyambirira. Ananenanso kuti pa 2 Juni ndi pa 30 Juni anatumiza meseji kwa kapitawo wake, ndipo mamesejiwo anali adakali m'foni. Kapitawoyo atafunsidwa anavomera kuti anawalandira, anayankha kuti "chabwino", koma sanauze manijala. Za pa 14 Julayi bamboyo analibe umboni uliwonse, ndipo anavomera kuti tsikulo anapita ku Limbe kukafunafuna ndalama ya mankhwala, osauza aliyense.

Masiku asanu amene mu imelo ankaoneka ofanana anagawika patatu. Masiku awiri, pa 2 ndi pa 30 Juni, anali ndi chifukwa chomveka ndipo kampani inadziwitsidwa kudzera mwa kapitawo, kotero vuto linali la m'kati mwa kampani. Masiku awiri ena, pa 16 ndi pa 17 Juni, anali ndi chifukwa chomveka koma palibe amene anauzidwa. Tsiku limodzi lokha, pa 14 Julayi, ndi limene linatsala lopanda chilolezo ndiponso lopanda umboni, ndipo linabwera bamboyo atakumbutsidwa kale pa 1 Julayi kuti aziimba foni. Akanachotsedwa ntchito pa imelo yoyamba ija, kampani ikanakaima pamaso pa khothi ndi mlandu wa masiku asanu umene anayi mwa masikuwo akanagwa pa funso loyamba.

Ofesi yoona za antchito inalangiza kuti masiku anayi oyambawo achotsedwe pa tchuthi chake cha pachaka, mogwirizana ndi mwini wake, popeza munthu wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku osachepera 18 a tchuthi pa chaka malinga ndi gawo 44. Pa nkhani ya 14 Julayi ndi ya kusadziwitsa bwana anaitanidwa kuti adzamvedwe, ndipo anapatsidwa chenjezo lolembedwa. Anagwirizananso kuti Lolemba la kuchipatala azidzaza fomu ya tchuthi pasadakhale, ndipo akapitawo onse anauzidwa kuti uthenga uliwonse wa munthu amene sabwera uzifika kwa manijala m'mawa womwewo.

Kodi ndingathe kudula malipiro a masiku amene wajomba?

Gawo 56 limanena kuti olemba ntchito sakakamizidwa kulipira wantchito pa nthawi imene sanabwere kuntchito popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Gawo lomwelo limaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa. Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa ndalama. Kampani ya m'chitsanzo chathu imawerengera masiku 26 pa mwezi, kotero tsiku limodzi la bamboyo ndi K10,000. Kusam'lipira K10,000 ya pa 14 Julayi n'kololedwa. Kum'dula K20,000 pa tsiku limodzilo "kuti aphunzirepo", kapena kum'dula ndalama ya ovataimu imene anzake analipidwa, ndi chindapusa, ndipo lamulo silikulola.

Manijala asauze a ku akaunti kuti adule malipiro nkhani isanamveke. Akanatero pano, bamboyo akanadulidwa K50,000 m'malo mwa K10,000, pa mwezi umene akufunafuna ndalama ya mankhwala a mayi ake, ndipo kubweza ndalamayo mwezi wotsatira sikukanachotsa chilonda chimene kudulako kukanasiya pakati pa iye ndi bwana wake.

Wantchito akanena kuti iye mwini ndiye akudwala, zimasintha chiyani?

Zimasintha zambiri. Gawo 57 limanena momveka kuti kusabwera kuntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito kapena chom'patsira chilango. Malinga ndi gawo 46, munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha sabata zosachepera 4 pa malipiro athunthu ndi sabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, akabweretsa kalata ya dokotala wovomerezeka. Tchuthi chimenechi ndi cha matenda a wantchito mwini wake, n'chifukwa chake bambo wa ku Makata uja sakanachigwiritsa ntchito pa matenda a mayi ake.

Manijala ali ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza kuti munthuyo anaonedwa ndi dokotala ndiponso masiku amene sakanatha kugwira ntchito. Sayenera kulanda buku la kuchipatala n'kumawerenga masamba ake onse, kapena kulijambula ndi foni n'kutumiza pa imelo, chifukwa m'bukumo mumakhala mbiri ya zaka zambiri imene sikhudzana ndi masiku ojombawo. Ngati akukayikira kalatayo, mwachitsanzo deti likaoneka lofufutidwa kapena pakasowa chidindo, aipereke ku ofesi yoona za antchito kuti itsimikize ku chipatala chimene chinailemba. Kalata yabodza ndi mlandu wina wapadera, wa chinyengo, ndipo uyenera kulembedwa ndi kumvedwa paokha.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti kudwala n'kumene kumateteza munthu ku chilango, osati kukhala chete. Wantchito amene anadwaladi koma anali ndi foni m'manja ndipo sanauze aliyense kwa masiku atatu akhoza kufunsidwa za kusadziwitsako, malinga ndi zimene malamulo a pakampani amanena.

Ofesi yoona za antchito ikaona kuti nkhani ikufunika chilango, chimatsatira n'chiyani?

Choyamba ofesiyo imatsegula buku la malamulo a pakampanipo ndi kontirakiti ya munthuyo, chifukwa kampani imamangidwa ndi ndondomeko imene inadzilembera yokha. Ngati bukulo likunena kuti kujomba koyamba ndi chenjezo la pakamwa, kwachiwiri chenjezo lolembedwa, kwachitatu chenjezo lomaliza, kampani singalumphe n'kufika pa kuchotsa ntchito chifukwa chakuti manijala wakwiya.

Kenako wantchito amapatsidwa kalata yomuitana. Kalatayo itchule mlandu momveka, ndi masiku ake enieni, tsiku, nthawi ndi malo okumanira, ndipo im'patse masiku okwanira okonzekera, osati kum'patsa m'mawa kuti akaonekere masana. Imuuzenso kuti akhoza kubwera ndi umboni, mboni, ndiponso mnzake wa pantchito kapena nthumwi ya yuniyoni malinga ndi malamulo a pakampanipo. Mlandu umene sunalembedwe m'kalatamo usatulukire pa tsikulo.

Apa pali chinthu chimene mamanijala ambiri sachilandira mosavuta. Manijala amene analemba imelo ija ndi wodandaula ndiponso mboni, kotero sayenera kukhala wapampando wa komiti yomva nkhaniyo. Ntchito yake ndi kufotokoza zimene zinachitika, kuonetsa buku losaina, ndi kuyankha mafunso, kuphatikizapo mafunso ochokera kwa wantchitoyo. Ena amaona ngati kufunsidwa ndi munthu amene amam'yang'anira n'kuchotsedwa ulemu, koma popanda mwayi umenewu kumvedwako kumakhala kopanda mphamvu. Chigamulo chimapangidwa ndi ena, chimalembedwa pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo wantchito amauzidwa kumene angakachite apilo.

Zilango zimene gawo 56 limatchula, kupatula kuchotsa ntchito, ndi chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi ndi kutsitsidwa paudindo. Posankha, komiti imayang'ana kukula kwa cholakwacho, ntchito imene munthuyo amagwira, zimene kampani inataya, mbiri yake, ndi momwe zinthu zilili pa moyo wake. Mlonda amene wasiya geti lopanda munthu usiku wonse sangafanane ndi kalaliki amene ntchito yake inangodikira mawa.

Bwanji ngati munthuyo wangosowa, ndipo foni yake siikupezeka?

Gawo 59 silitchula chiwerengero cha masiku amene munthu akasowa amayesedwa kuti wathawa ntchito. Chiwerengerocho chimapezeka m'malamulo a kampani iliyonse, ndipo ngakhale chitakwana, kampani iyenera kusonyeza kuti inayesetsa kum'peza. Manijala alembe tsiku ndi nthawi ya foni iliyonse imene waimba, atumize meseji, ndipo ofesi yoona za antchito iimbire wachibale amene analembedwa m'failo. Popeza nyumba zambiri ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Chilobwe zilibe adiresi imene kalata ingafikire, njira yodalirika ndi kutuma mesenjala pamodzi ndi mnzake wa pantchito amene akudziwa nyumbayo, ndipo wolandira kalatayo asaine pa kope lake. Kalatayo inene tsiku lomaliza limene munthuyo ayenera kubwera kapena kuyankha, ndiponso chimene chidzachitike akapanda kutero.

Kufufuzaku si kwa pepala chabe. Munthu amene wasowa mwadzidzidzi atagwira ntchito mokhulupirika kwa zaka mwina ali m'chipatala, ali m'chitokosi cha apolisi, kapena wagwa m'tsoka limene silim'patsa mpata woganiza za foni. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu ambiri a m'tsinde mwa phiri la Soche anataya nyumba, abale ndi mafoni usiku umodzi, ndipo kuntchito kwawo m'buku munangooneka kuti sanabwere.

Imeloyi itumizidwe kwa ndani?

Itumizidwe kwa munthu mmodzi wa ku ofesi yoona za antchito amene amayendetsa nkhani zotere. Pa Cc musaikepo akapitawo, a ku akaunti kapena mamanijala anzanu, ndipo mkulu wa kampani musamuikepo ngati ndi iye amene adzamve apilo, chifukwa ayenera kudzaimva nkhaniyo ali wopanda mbali. Gwiritsani ntchito imelo ya kampani, osati gulu la WhatsApp la mabwana, ndipo dzina la wantchito lisakhale pa mutu wa imelo, pamene aliyense wodutsa pafupi ndi kompyuta angaliwerenge.

Kampani ikalakwitsa ndondomekoyi, imataya chiyani?

Wantchito amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo akhoza kukadandaula kwa ofisala wa leba wa m'boma lake pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene anachotsedwa, malinga ndi gawo 62. Nkhani ikapanda kutha kumeneko imapita ku khothi loona milandu ya zantchito, limene lili ndi ofesi mu Blantyre momwemuno. Khothilo likhoza kulamula kuti munthuyo abwezeretsedwe pa ntchito yake, alembedwenso pa ntchito ina yofanana nayo, kapena alipidwe chipukuta misozi.

Gawo 63 limaika malire a pansi a chipukuta misozicho potengera zaka zimene munthu wagwira. Amene wagwira zaka zosapitirira 5 amalandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, wopitirira zaka 5 mpaka 10 a sabata ziwiri, wopitirira 10 mpaka 15 a sabata zitatu, ndipo wopitirira zaka 15 amalandira malipiro a mwezi wathunthu pa chaka chilichonse. Bambo wa ku Makata uja, wa zaka 7, amene sabata yake ya masiku 6 ndi K60,000, akanayenera kulandira malipiro a sabata 14, omwe ndi K840,000. Amenewa ndi malire a pansi chabe, ndipo khothi likhoza kupereka zoposa pamenepo likaona zimene munthuyo wataya chifukwa cha kuchotsedwako. Pamwamba pake pakanabwera malipiro a mwezi umodzi a notisi, ndalama ya loya, ndi masiku amene manijala, kapitawo ndi mlonda wa pageti akanakhala pabenchi kukhothi kudikira kupereka umboni m'malo mopakira katundu.